Mmene mungawerengere chizindikiro cha nthawi ndi kupondera phazi pa nyimbo ya 6/8

Chaka chilichonse kwaya yathu ikalandira oimba atsopano, sipalephera kupezeka mmodzi amene amanditsalira tikaweruka, pepala la nyimbo lili m'manja, chala chitaloza manambala awiri osanjikizana amene ali kumayambiriro kwa mzere woyamba. Funso limakhala lomwelomwelo: pa 4/4 tinkawerenga kanayi ndipo zinkayenda, nanga bwanji pa 6/8 ndikawerenga kasanu ndi kamodzi phazi langa limatopa ndipo ndimatsalira m'mbuyo mwa anzanga? Ndayankha funsoli nditaima pakhomo la tchalitchi nthawi zambiri, choncho ndaona kuti ndi bwino ndililembe kamodzi mofatsa. Yankho lake lalifupi ndi lakuti pa 6/8 nambala ya pamwamba ikunena 6, koma phazi liyenera kuponda kawiri kokha. Zonse zimene zikutsatira ndi njira yoti thupi lanu livomereze zimenezi, chifukwa mutu umavomereza msanga pamene phazi ndi manja zimakana kwa masiku angapo.

Mawu anayi okha ndi amene muyenera kuwadziwa tisanayambe. Biti ndi kugunda kumene phazi limatsata lokha mukamamvera nyimbo. Baa ndi kachipinda ka nyimbo kamene kali pakati pa mizere iwiri yoimirira, ndipo baa iliyonse imatenga nthawi yofanana ndi inzake. Krotcheti ndi noti ya mutu wakuda yokhala ndi mwendo, pamene kweva ndi noti yofanana nayo koma yokhala ndi kamchira, ndipo kutalika kwa kweva ndi theka la krotcheti.

1. Werengani manambala awiriwo monga mmene alembedwera.

Manambala amenewa si masamu a kugawa, ngakhale kuti polemba pa foni timaika kamzere pakati pawo. Nambala ya pansi imatchula mtundu wa noti imene ikugwiritsidwa ntchito ngati muyezo: 4 imatanthauza krotcheti, ndipo 8 imatanthauza kweva. Nambala ya pamwamba imanena kuchuluka kwa manoti a mtundu umenewo amene amadzaza baa imodzi. Motero 4/4 ndi makrotcheti anayi, 3/4 ndi makrotcheti atatu, ndipo 6/8 ndi makweva 6. Mpaka pamenepa palibe chovuta, ndipo ambiri amaima pomwepa n'kuganiza kuti nambala ya pamwamba nthawi zonse ndiyo kuchuluka kwa mabiti. Lamulo limenelo limagwira bwino pa 2/4, 3/4 ndi 4/4, koma limasocheretsa pa 6/8.

2. Onani ngati nambala ya pamwamba ndi 6, 9 kapena 12.

Mukaipeza nambala yotere, igaweni ndi 3, ndipo chimene mwapezacho ndicho chiwerengero cha mabiti enieni. Pa 6/8 mabiti ndi awiri, pa 9/8 ndi atatu, pa 12/8 ndi anayi, ndipo biti iliyonse imanyamula makweva atatu. Chifukwa chimene olemba nyimbo sanangolemba 2 pamwamba n'chakuti biti ya makweva atatu ndi krotcheti yokhala ndi kadontho, ndipo palibe nambala yathunthu imene ingaimire noti yotereyi pansi. Kadontho kamawonjezera theka la kutalika kwa noti, choncho krotcheti ya makweva awiri ikapatsidwa kadontho imakhala ya makweva atatu. Posowa nambala yoti aike pansi, anasankha kuwerenga tizigawo ta biti m'malo mwa biti yeniyeniyo.

Pepala lenilenilo limakuuzani zimenezi mukaliyang'anitsitsa. Pa manoti a m'mizere isanu, makweva a 6/8 amamangidwa atatuatatu ndi mzere wochindikala. Pa solofa, imene makwaya ambiri kwathu kuno amawerenga, baa ya tizigawo 6 imakhala ndi mzere wautali kumayambiriro, madontho awiri osanjikizana pa kachigawo kachiwiri ndi kachitatu, kenaka kamzere kakafupi pa kachigawo kachinayi. Kamzere kakafupi kameneka si kokongoletsa. Kakusonyeza pamene phazi lipondere kachiwiri.

3. Siyanitsani 6/8 ndi 3/4 pogwiritsa ntchito pakamwa panu.

Baa ya 3/4 ndi baa ya 6/8 zonse zimanyamula makweva 6, ndiye chifukwa chake anthu ambiri amazisokoneza. Kusiyana kwake kuli pa kamangidwe ka mitolo. Pa 3/4 pali mitolo itatu ya makweva awiriawiri, ndipo kulemera kumagwa pa 1, 3 ndi 5. Pa 6/8 pali mitolo iwiri ya makweva atatuatatu, ndipo kulemera kumagwa pa 1 ndi 4.

Nenani mawu akuti “nsima nsima nsima” mobwerezabwereza, osapumira pakati, ndipo pondani phazi pa “nsi” aliyense. Mwatchula maphatikizo 6 ndipo mwaponda katatu, imeneyo ndi 3/4. Tsopano nenani “mbatata mbatata” pa liwiro lomwelo la maphatikizo. Maphatikizo akadali 6, koma phazi lifuna kuponda kawiri kokha.

Apa pali msampha wa chilankhulo chathu umene mabuku olembedwa kunja sangakuchenjezeni. M'Chichewa mawu amalemera ndi kutalika pa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza, choncho timati mba-TA-ta, osati MBA-ta-ta. Mukakakamiza phazi kuti ligwe pa “mba”, lilime ndi phazi zimayamba kukangana, ndipo pakapita kanthawi phazi limasamukira lokha pa “ta” wapakati. Musalimbane nazo. Lolani phazi ligwe pa “ta” wapakatiyo, ndipo mudzamva kuti mukunena “TA-ta-mba, TA-ta-mba”, pamene “mba” woyambirira uja wasanduka noti yolowera imene imabwera baa isanayambe. Nyimbo zambiri za 6/8 zimayambadi ndi kweva imodzi yolowera chonchi, kotero mwaphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi. Chofunika n'chakuti maphatikizo atatuwo akhale ofanana kutalika, musakoke “TA” monga mmene timachitira polankhula. Ngati zikukuvutani, siyani mbatata n'kugwiritsa ntchito maphatikizo opanda tanthauzo akuti “TA-te-ti, TA-te-ti”, amene ndidzawagwiritse ntchito kuyambira pano.

4. Khazikitsani phazi musanakhudze china chilichonse.

Khalani pampando pamalo pamene mungamve wotchi ya pakhoma ikugunda, chifukwa imagunda ka 60 pa mphindi, ndipo liwiro limeneli ndi labwino pa 6/8 yoyenda modekha. Pondani phazi lamanja pa kugunda koyamba, lamanzere pa kwachiwiri, ngati munthu amene akuyenda atakhala pansi. Masekondi awiri ndi baa imodzi. Chitani zimenezi kwa mphindi yathunthu osanena kanthu, ndipo mudzakhala mwaponda mabaa 30.

Kenaka onjezani pakamwa: pa sekondi iliyonse mulowetse “TA-te-ti”, “TA” agwe limodzi ndi phazi. Apa mukutchula makweva 180 pa mphindi, ndipo mukuona nokha chifukwa chake phazi linkatopa pamene munkafuna kuponda kweva iliyonse. Ngati liwiroli lakula, gwiritsani ntchito metironomu ya pa foni, pulogalamu imene imagunda mabiti pa liwiro limene mwasankha, n'kuiika pa 40, kuti makweva akhale 120 pa mphindi. Chenjerani ndi mapulogalamu amenewa, chifukwa sagwirizana pa kawerengedwe ka 6/8: ena mukawauza 60 amawerenga kweva iliyonse, ndipo baa imodzi imatha masekondi 6, pamene ena amawerenga krotcheti ya kadontho. Njira yosavuta ndiyo kusasankha 6/8 n'komwe. Iuzeni metironomu kuti igunde mabiti awiri pa baa, tizigawo titatuto mudzazire nokha pakamwa.

Pakamwa pakakhazikika, sunthirani tizigawo titatuto m'manja. Menyani ntchafu mosinthanitsa, dzanja lamanja, lamanzere, lamanja, kenaka lamanzere, lamanja, lamanzere. Mudzaona kuti biti yoyamba ikugwera dzanja lamanja ndipo yachiwiri ikugwera lamanzere, mofanana ndi mapazi. Ngati mwapezeka kuti kulemera kukugwera dzanja lamanja nthawi zonse, dziwani kuti mwabwerera ku 3/4 mosazindikira. Chimenechi ndi chizindikiro chodalirika kwambiri chimene ndikuchidziwa, chifukwa mumachiona ndi maso ngakhale khutu lisanazolowere.

5. Phunzirani kayendedwe ka noti yaitali ndi yaifupi.

Iyi ndiyo sitepe imene malangizo ambiri amaidumpha, ndipo ndi pamene makwaya amagwera. Nyimbo ya 6/8 siimba makweva onse 6 nthawi zonse. Kawirikawiri biti imodzi imakhala ndi manoti awiri okha, krotcheti ndi kweva, ndiye kuti yoyamba imatenga tizigawo tiwiri ndipo yachiwiri imatenga kamodzi. Kumeneku ndiko kumapatsa 6/8 kayendedwe kake kogwedezeka, konga ka mayi woyendetsa mwana kumbuyo kuti agone.

```
mawerengo  1 2 3 4 5 6
phazi      X . . X . .
manja      X . X X . X
```

Kuomba m'manja pa 1, 3, 4 ndi 6 kumaoneka kosavuta papepala, koma kumawonongeka m'njira ziwiri zosiyana, ndipo muyenera kudziwa njira imene inuyo mumalakwira. Njira yoyamba ndi kufananitsa manoti awiriwo, kuti yachiwiri igwe pakati penipeni pa biti. Mukatero nyimbo imasanduka 2/4, imayenda mowongoka ngati anthu oguba, ndipo kugwedezeka kuja kumatha. Kulakwa kumeneku kumabwera kwambiri oimba akatopa kapena mawu a nyimbo akachuluka. Njira yachiwiri ndi kuchedwetsa noti yaifupi mpaka itapanikizika kumapeto kwa biti, n'kumamveka ngati ikudumphira pa inzake. Apa woimba wagawa biti panayi m'malo mwa patatu, wapatsa noti yaitali magawo atatu ndipo yaifupi gawo limodzi. Pa liwiro la wotchi, noti yaifupi yoyenera imatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, pamene yopanikizikayo imatenga gawo limodzi mwa magawo anayi. Kusiyana kwake sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, komabe khutu limakumva bwino lomwe, makamaka pamene mbali ina ya kwaya ikuimba makweva atatu athunthu ndipo ina ikuimba yaitali ndi yaifupi: kachigawo kachitatu sikakumana, ndipo mawu amamveka ophwanyika.

Mankhwala ake ndi amodzi pa zolakwa zonse ziwiri, ndiwo kusataya kachigawo kachiwiri. Ngakhale kuti manja saomba pa 2 ndi pa 5, tizigawo timeneto tiyenera kukhalapo kwinakwake m'thupi. Yambani ndi kunena “TA-te-ti” mokweza pamene manja akuomba pa “TA” ndi pa “ti” pokha. Chitani mabaa 8 motero. Kenaka nong'onezani “te”, mabaa enanso 8. Pambuyo pake musamutchulenso, koma milomo ipitirize kumuumba mwakachetechete. Pomalizira penipeni m'pamene mumaimba “TA-a-ti”, kukoka “TA” kuti adutse pamalo a “te”. Musafulumire kuchoka pa gawo limodzi kupita pa linzake, pakuti munthu amene wasiya “te” tsiku loyamba lomwelo amabwerera ku zolakwa zake mawa lake.

Pali njira yodziyesa imene ndimaikonda. Sinthanitsani baa imodzi ya makweva onse 6 ndi baa imodzi ya yaitali ndi yaifupi, ndipo mudzijambule mawu pa foni. Pomvera, tcherani khutu pa “ti” yekha. Ayenera kugwa pamalo amodzimodzi m'mabaa onse awiri. Akamafulumira m'baa yachiwiri, mukufananitsa manoti. Akamachedwa, mukuwapanikiza.

6. Yesani pa mzere wathunthu wa nyimbo.

Nawu mzere wa mabaa anayi umene ndinaupeka kuti ukhale wophunzirira. Chizindikiro cha ! chikuimira kamzere kakafupi ka pakati pa baa, ndipo kamzere kopingasa kakutanthauza kuti noti ikupitirira.

```
| d :- :d ! m :- :m | s :f :m ! r :- :- |
| m :- :r ! d :r :m | d :- :- ! - :- :- |
```

Musayambe ndi kuimba. Yambitsani mapazi, mudikire mabaa awiri opanda kanthu, kenaka ombani m'manja kayendedwe kokha. Baa yoyamba ndi yaitali ndi yaifupi kawiri, manja pa 1, 3, 4 ndi 6. Baa yachiwiri imayamba ndi makweva atatu ofanana, kenaka noti imodzi imene imadzaza biti yonse yachiwiri, choncho manja aomba pa 1, 2, 3 ndi 4 basi. Apa ambiri amathamangira ku baa yachitatu chifukwa 5 ndi 6 alibe chowomba, ndipo amadula kachigawo kamodzi, baa n'kutsala ndi tizigawo tisanu. Baa yachitatu imasakaniza mitundu iwiriyo m'baa imodzi, manja pa 1, 3, 4, 5 ndi 6, ndipo ndiyo imaulula ngati sitepe yachisanu yakhazikika, chifukwa “r” wa pa 3 ndi “m” wa pa 6 ayenera kukhala ofanana kutalika. Baa yomaliza ndi noti imodzi ya tizigawo tonse 6. Manja aomba kamodzi, koma phazi lipondebe kawiri, ndipo mawu asaleke phazi lachiwiri litangoponda, ayenera kupitirira mpaka 6 itatha. Pa liwiro la wotchi mzere wonsewu umatha masekondi 8 enieni. Mukaumaliza m'masekondi 7, mwadula manoti aatali.

Mukatha kuomba katatu motsatizana osalakwa, m'pamene muimbe maina a solofa, manja ali chete koma mapazi akuyendabe.

7. Zindikirani 6/8 ndi khutu pamene palibe pepala.

Mukamva nyimbo, musayambe ndi kuwerenga. Lolani thupi lipeze pamene likufuna kugwedezekera, kenaka yesani kulowetsa “nsima” mmodzi pakati pa kuponda ndi kuponda. Akalowa bwino, biti ikugawika pawiri. Akakana, koma “TA-te-ti” n'kulowa, biti ikugawika patatu, ndipo muli m'banja la 6/8, 9/8 ndi 12/8. Chotsala ndi kumvera kuti kuponda kolemera kwambiri kukubwerera pakatha mapazi angati: awiri ndi 6/8, atatu ndi 9/8, anayi ndi 12/8. Kusiyanitsa 6/8 ndi 12/8 ndi khutu lokha nthawi zina sikutheka, chifukwa mabaa awiri a 6/8 amafanana kutalika ndi baa imodzi ya 12/8, ndipo kwa munthu wopondera phazi kusiyanako sikusintha kanthu.

Nyimbo ikakhala yochedwa kwambiri, wotsogolera kwaya akhoza kusonyeza tizigawo tonse 6 ndi dzanja kuti oimba asabalalike. Zimenezo n'zololedwa, koma ngakhale pamenepo 1 ndi 4 ayenera kulemera kuposa anzawo, ndipo 4 akhale wopepukirapo kuposa 1. Mukalemeretsa 4 mofanana ndi 1 pa nyimbo yochedwa, imamveka ngati mabaa awiri a 3/4. Tinachitapo zimenezi pa ukwati wina: woimba kiyibodi anasankha kayendedwe ka 3/4 kolembedwa Waltz pa makina ake m'malo mwa kolembedwa 6/8, ndipo ngakhale kuti manoti onse ankalowa, mzere uliwonse unkadukaduka pakati, oimba n'kumapumira pamalo osayenera. Ndinaona masoprano akuyang'anana, mapewa akukwera pa kachigawo kachinayi kalikonse, ndipo vuto silinali lawo.

8. Onjezani zitatu pamwamba pa ziwiri.

Sitepe imeneyi ndi ya amene akhazikika pa zonse za pamwambazi. Popeza baa ya makweva 6 ikhoza kumangidwa mitolo iwiri kapena itatu, n'zotheka kumva zonse ziwiri nthawi imodzi, phazi likuponda kawiri pamene manja akuomba katatu.

```
mawerengo  1 2 3 4 5 6
phazi      X . . X . .
manja      X . X . X .
```

Musaganize za mizere iwiri yosiyana, ganizani za mzere umodzi wotsatizana: pa 1 phazi ndi manja limodzi, pa 2 chete, pa 3 manja, pa 4 phazi, pa 5 manja, pa 6 chete. Nenani motero pang'onopang'ono, metironomu ili pa 40, ndipo muwonjezere liwiro pokhapokha phazi likaleka kutsatira manja. Kulakwa kofala ndi kwakuti phazi limakokeredwa pa 3 kapena pa 5, ndipo mudzazindikira chifukwa mapazi sakhalanso otalikirana mofanana, kuponda kwina kumafulumira ndipo kwina kumachedwa.

Ambiri mwa inu mudzapeza kuti kayendedwe kameneka si kachilendo. Kugawa biti patatu ndi kusanjikiza zitatu pa ziwiri kumapezeka m'ng'oma ndi m'kuomba m'manja kwa magule ambiri a m'chigawo chathu chino, ndipo nyimbo zambiri za mbira za ku Zimbabwe zikalembedwa papepala zimalembedwa mu 12/8. A. M. Jones, mmishonale amene anakhala zaka zambiri m'dziko limene tsopano ndi Zambia, analongosola kusanjikizana kotereku m'buku lake la 1959 lonena za nyimbo za mu Africa. Ndaonapo mayi wachikulire amene ankalephera sitepe yachinayi papepala, koma nditamuombera kayendedwe aka ka zitatu pa ziwiri, anakalandira nthawi yomweyo, chiuno chikupita kawiri manja akuomba katatu. Ndi iyeyo tinayambira pa sitepe ino n'kumabwerera m'mbuyo, ndipo ndinangomuuza kuti pamene phazi lake lamanja likugwera ndi pa mzere wautali, pamene lamanzere likugwera ndi pa kamzere kakafupi. Ngati nanunso thupi lanu likuidziwa kale ng'oma yotere, tsatani dongosolo limenelo: ombani kaye, kenaka tengani pensulo mulembe X pansi pa 1 ndi pansi pa 4 m'baa iliyonse ya nyimbo imene mukuphunzira, musanaimbe noti ndi imodzi yomwe.